Makalata a Omvera: Agogo akasokonezeka m'wodi

Kalata yoyamba yachokera ku Kawale, kwa mtsikana amene akuphunzira unamwino. Akuti: "M'wodi mwathu muli agogo a zaka 78 odwala chibayo. Lolemba amacheza bwinobwino, koma Lachitatu usiku anazula dripu, ati akuona anthu pakhoma. Anzanga akuti ndi dimenshiya. Kodi n'zoona?"

Zikomo achemwali. Choyamba funsani gadiyani kuti sabata yatha agogowo anali bwanji kunyumba. Dimenshiya imabwera pang'onopang'ono, miyezi kapena zaka: munthu amaiwalaiwala, koma amakhala maso ndipo amatsatira zimene mukunena. Kusokonezeka kwa maola kapena masiku ochepa, m'mawa ali bwino usiku zavuta, ndi deliriyamu, ndipo kumasonyeza kuti m'thupi muli vuto lofunika kulipeza lero lomwe.

Ayeseni motere: atchule miyezi chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala. Akalephera kutchula miyezi 7 molondola, kapena akasochera n'kuyamba nkhani ina, maganizo awo sakukhazikika. Ngati miyezi sanaizolowere, atchule masiku a sabata chobwerera. Musaiwalenso agogo ongokhala phee, ogona tsiku lonse osadya. Imeneyonso ndi deliriyamu, ndipo ndi imene imaphonyedwa kawirikawiri chifukwa wodwalayo savutitsa aliyense. Wa dimenshiya nayenso imamugwira, mosavuta kuposa ena.

Kenako fufuzani gwero. Yezani shuga pachala. Akatsika pansi pa 4 mmol/L, thandizani pomwepo. Yezani okosijeni, kutentha kwa thupi ndi malungo. Gwirani pachinena ngati chikhodzodzo chadzaza, funsani tsiku limene anachita chimbudzi komaliza, ngati akumwa madzi, ngati penapake pakuwawa. Onaninso mankhwala: dayazepamu, prometazini, amitiriputilini ndi tramadolo amasokoneza okalamba. Ngati ankamwa kachasu tsiku lililonse, kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa zomwezi pakapita masiku awiri kapena atatu. Uzani adokotala msanga. Ndipo chonde, kuona anthu pakhoma si ufiti, ndi matenda.

Bambo a ku Chinsapo afunsa: "Bwanji osangowamanga ndi chitenje pabedi kuti asagwe?"

Ayi bambo, musatero. Womangidwa amachita mantha n'kulimbana kwambiri, khungu limasupuka, ndipo akhoza kutsamwa kapena kudzipotokola. Zitsulo za m'mbali mwa bedi nazonso amazikwera, n'kugwa kuchokera pamwamba. Bedi likhale lotsika, pafupi ndi anamwino. Ngati silitsika, pemphani kuti matiresi ayalidwe pansi. Gadiyani amene akumudziwa agone pambali, aziwauza modekha kuti ali kuchipatala ndiponso kuti lero ndi lachingati. Magalasi avale, masana makatani atsegulidwe, usiku pakhale kuwala pang'ono. Aperekezeni kuchimbudzi pafupipafupi, chifukwa ambiri amagwa akufuna kukakodza. Kanyula, kachubu ka dripu kolowa mumtsempha, ikulungidwe ndi bandeji; katheta, chubu cha mkodzo, achotsedwe ngati sakufunikira. Mankhwala ogonetsa ndi a adokotala okha, zina zonse zikakanika.