Pakamwa patsogolo, mawu m'mbuyo: zomwe tinakambirana ndi ojambula ndi obena makanema ku Lizulu

Zikomo, khalani pansi, amene muli pakhomo lowani. Nkhani ya chinkhoswe cha mwezi wathawu nonse mwaimva. Mnyamata anajambula ndi foni, pa foni pomwepo kanema akuoneka bwino. Wapita naye pa kompyuta, wamukonveta kuti asewere pa DVD ya kwa eni ake, wapereka fulashi. Madzulo abale asonkhana, akuona ankhoswe atakhala kale pansi koma mawu awo akulankhulabe. Eni ake anati wawaononga dala, ena mpaka kutchula zamatsenga. Ndalama anabweza, ndipo choopsa kwambiri, kanema wa pa foni uja anali atafufuta kale.

Ndiye ndiyambe ndi chenjezo limene ndibwereze mpaka mutope nane. Musafufute kanema woyamba wa pa foni musanaonere wokonvetayo mpaka kumapeto.

Kanema ndi zithunzi zambirimbiri zothamanga motsatizana. Foni ikalemba kuti 30, ikutanthauza zithunzi 30 pa sekondi iliyonse. Koma foni sisunga lonjezo limenelo nthawi zonse. Mukalowa nayo m'nyumba mwa mdima, kamera imafuna nthawi yotalikirapo kuti chithunzi chilichonse chilandire kuwala, ndiye imatsika, mwina kufika pa 24, mafoni ena kutsika kuposa apo. Ikatentha chifukwa mwajambula nthawi yaitali padzuwa, imadumpha zithunzi zina. Mawu satero ayi. Mawu amajambulidwa ndi liwiro limodzi, kawirikawiri tizidutswa 48,000 pa sekondi, kaya kuli mdima kaya kukuwala.

Nanga bwanji pa foni zimagwirizana? Chifukwa foni imalemba nthawi pa chithunzi chilichonse, ngati mmene kalaliki wa pa sikelo ya mbatata amalembera thumba lililonse m'kope. Chithunzi ichi chioneke pa sekondi yakuti, ichi chidikire pang'ono. Posewera imatsata kope lija, ndipo pakamwa ndi mawu zimayendera limodzi.

Vuto limabwera pulogalamu yokonvetera kapena yodulira kanema ikataya kope lija. Imangowerenga kuti 30 n'kuyamba kuyala zithunzi motalikirana mofanana, ngati mapando a chimanga. Izi zimachitika kwambiri mukamakonvetera ku AVI kuti asewere pa ma DVD a fulashi aja, chifukwa AVI inapangidwa poganiza kuti liwiro la zithunzi ndi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tiwerengere limodzi, amene muli ndi foni tsegulani kakyuleta. Kanema wa mphindi 10. Mphindi 8 mwajambula panja, zithunzi 30 pa sekondi, zikwana 14,400. Mphindi 2 mwalowa m'nyumba, foni yatsika pa 24, zikwana 2,880. Zonse pamodzi 17,280. Tsopano pulogalamu ikuziseweretsa zonse pa 30. Gawani ndi 30. Mwapeza zingati? Eya, masekondi 576, ndiye kuti mphindi 9 ndi masekondi 36. Mawu akadali mphindi 10 zathunthu. Zithunzi zatha, mawu atsala ndi masekondi 24. Ankhoswe aja anakhala pansi msanga chifukwa cha masekondi amenewa.

Ndipo taonani, panja paja zonse zimayenda bwino. Kusiyana kumayambira pomwe munalowa m'nyumba. N'chifukwa chake inu amene mumaonera kamphindi koyamba kokha n'kunena kuti zatheka, mukudzinamiza. Ndimakuonani, kasitomala ali chiimire, inu mwatsegula, mwaona masekondi asanu, mwazula fulashi. Ine ndinachitapo zomwezo ndi kanema wa ngoma. Poyamba phazi likagunda pansi, fumbi ndi mawu zimatulukira limodzi. Chakumapeto abambo aja akuponda pansi mwakachetechete, kugunda kukumveka iwo atadzutsa kale mwendo wina. Manyazi ake sindidzaiwala. Musafufute wa pa foni, ndipo muzionera kumapeto.

(Bambo wina: Pepani achimwene, ine pa VLC ndimangokankha mawu ndi J kapena K mpaka agwirizane. Nanga imeneyo si njira?)

Zikomo bambo, mwafunsa bwino, ndipo ambiri amachita zomwezo. Pali matenda awiri ofanana nkhope. Oyamba, mawu achedwa ndi theka la sekondi poyamba, pakati theka lomwelo, kumapeto theka lomwelo. Amenewo mabatani anuwo amachiza, chifukwa mukungosuntha mawu onse pamodzi. Nthawi zina vuto lotere silikhala n'komwe mu kanema, limakhala sipika ya Bluetooth imene imachedwetsa mawu. Koma matenda amene tikukamba lero ndi ena. Poyamba palibe kusiyana, mutalowa m'nyumba muja masekondi asanu, kumapeto 24. Mukakankha kuti kumapeto kugwirizane, koyamba kwasokonekera. Mukakonza koyamba, kumapeto kwabwerera. Zili ngati bulangete lalifupi m'nyengo ya chisanu kuno, mukafunda kumutu mapazi ali pamtunda. Komanso dziwani kuti zomwe mwakankha pa VLC zimathera pa kompyuta yanu pomwepo, fayilo sinasinthe, kasitomala akapita nayo kwawo ikakhala mmene inalili.

Ena amati tingochedwetsa zithunzi zonse kuti zitalike mofanana ndi mawu. Kumapeto zikumanadi, koma pakati ayi, chifukwa zithunzi sizinasowe paliponse mofanana, zinasowa m'nyumba muja mokha. Mukachedwetsa zonse, mwaononga ndi za panja zomwe zinali bwino. Mankhwala ake ndi kubwerera ku fayilo yoyamba imene ikadali ndi nthawi zake. Wokonveta molakwika uja nthawi zake zinatayika. Mwaona chifukwa chake ndikulimbikira kuti musafufute?

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumsewu, minibasi sizikuthawani, ndithamange.

Tengani fayilo pa foni ndi chingwe kapena memore khadi, osati yodutsa pa WhatsApp, chifukwa imeneyo yafinyidwa kale. Itseguleni mu MediaInfo, pulogalamu yaulere yoonetsa mmene fayilo ya kanema inapangidwira. Yang'anani mzere wa Frame rate mode. Pakalembedwa Variable, pansi pake muona Minimum frame rate ndi Maximum frame rate. Manambala awiriwo akatalikirana kwambiri, samalani.

Musanadule, musanaike nyimbo, musanapite ku AVI, idutseni kaye mu HandBrake, pulogalamu yokonvetera makanema. Pa Video, pa Framerate (FPS) sankhani 30, kenako chongani Constant Framerate, osati Peak Framerate. Iyo imawerenga nthawi zija, ndipo pomwe zithunzi zaperewera imabwereza chithunzi chomwecho kuti mpata udzaze. Pamenepo kanema amaoneka wodukizadukiza pang'ono, koma mawu amakhala pamalo pake. Amene mumagwiritsa ffmpeg, ndalemba pa bolodipa:

```
ffmpeg -i chinkhoswe.mp4 -r 30 -fps_mode cfr chinkhoswe_chabwino.mp4
```

Ngati ffmpeg yanu ndi yakale ikakana, m'malo mwa `-fps_mode cfr` lembani `-vsync cfr`.

Yatsopanoyo ndi imene mupite nayo kodula. Pojambula, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera poyamba ndi pomaliza, mudzaonere pamenepo ngati zikugwirizana. Ngati foni yanu ndi iPhone, mu Settings, Camera, Record Video muli Auto FPS, muzimitse. Ena nonse, yatsani getsi kapena tsegulani mawindo musanajambule m'nyumba, ndipo foni ikatentha ipumitseni. Amene mwabwera ndi laputopu tsalani, ndili ndi HandBrake ndi MediaInfo pa fulashi iyi, tikopererane.