Kusankha Kaonekedwe ka Zithunzi pa Kanema Molingana ndi Chipinda

Omvera athu, ngati kanema wanu ali pafupi, tengani rimoti, mulowe pa Settings, kenaka pa Picture, ndipo mupeza mzere wolembedwa Picture Mode. Pamenepo pali mayina angapo, koma ine ndikhazikika pa atatu: Cinema, amene pa makanema a Samsung amalembedwa Movie, Sports, ndi Vivid, amene ena amamulemba Dynamic. Musanasinthe chilichonse, onetsetsani kuti kanema wanu ali pa Home Mode, osati pa Store Mode, chifukwa akakhala pa Store Mode amafufuta zimene mwasankha n'kubwerera ku zam'sitolo pakapita kanthawi.

Ndiyambe ndi Vivid, popeza ndi amene amatikopa tikamagula. Kaonekedwe kameneka anakakonzera m'sitolo, mmene muli magetsi owala kwambiri komanso makanema ambiri oyandikana, aliyense akulimbirana maso a wogula. Nyale za kuseri kwa sikirini zimayaka mpaka pamapeto, mitundu imakolezedwa, choyera chimapendekera ku buluu, ndipo m'mphepete mwa zinthu mumawonjezeredwa timizere toyera kuti chithunzi chioneke ngati chakuthwa. Mukafuna kuona vuto lake, dikirani nthawi ya nkhani, muyang'ane wowerenga nkhani amene wavala jekete lakuda ndi shati yoyera. Pa Vivid jeketelo limasanduka chibanthu chakuda chopanda mabatani kapena makwinya, shati imanyezimira mpaka kolala kusowa, ndipo nkhope ya munthu wakhungu lakuda imafiira kapena kutaya mbali imene ili mumthunzi. Zimene zasowazo dekoda inazitumiza ndithu, koma kanema wazitaya yekha.

Cinema ndiye amene ali pafupi ndi chithunzi chimene opanga filimu ankaona pamene ankaimaliza. Iwo amagwiritsa ntchito choyera chimodzi chogwirizana padziko lonse, chotchedwa D65, chimene chimafanana ndi kuwala kwa usana, ndipo Cinema amayesetsa kutsata choyera chimenecho. Mukachoka pa Vivid n'kulowa pa Cinema, chithunzi chidzaoneka chachikasu ndi chofooka, ndipo ambiri amabwerera pomwepo poganiza kuti alakwitsa. Musabwerere. Maso anu anazolowera choyera chabuluu, choncho apatseni masiku awiri kapena atatu; mukadzayesanso Vivid pambuyo pake, ndi iyeyo amene adzaoneke wachilendo. Makanema ena opangidwa kuyambira 2020 alinso ndi Filmmaker Mode, amene ali ngati Cinema koma amazimitsiratu zokometsera zonse.

Komabe Cinema anamukonzera chipinda chamdima, ndipo apa ndi pamene anthu amasokera. Tiyerekeze kuti muli ndi kanema wa mainchesi 43 pabalaza pamene zenera lake linaloza kumadzulo, ndipo Loweruka cha m'ma 4 koloko masana mukuonera mpira dzuwa likulowa m'nyumba. Pa Cinema chithunzi chizimiririka, ndipo mudziona nokha pa sikirini ngati pagalasi. Chimene chaperewera pamenepo ndi kuwala kokha, osati mitundu. Yambani mwatseka katani la zenera lomwe layang'anizana ndi kanema. Kenaka, muli pa Cinema pomwepo, pezani mzere wa Backlight, muukweze pang'onopang'ono kufikira mizere yoyera ya bwalo itaoneka bwino kuchokera pamene mwakhala. Ngati mwafika pamapeto koma chithunzi chikadali chofooka, onani ngati Eco kapena Energy Saving ali woyaka, chifukwa ameneyu amachepetsa nyale payekha. Zimenezi zikakanika, pitani pa Standard, osati pa Vivid.

Pano ndichenjeze za mawu awiri amene amasokoneza. Pa makanema ambiri, Backlight ndiye mphamvu ya nyale, pamene Brightness amangosintha mmene chakuda chimadera. Mukakweza Brightness poganiza kuti mukuwalitsa, chakuda chimasanduka chotuwa ngati phulusa, chithunzi chonse n'kuoneka ngati chakutidwa ndi nkhungu. Koma makampani ena, monga Samsung ndi Sony pa makanema awo atsopano, amalemba Brightness pamene akutanthauza nyale. Njira yodziwira ndi yosavuta: kwezani mzerewo mukuyang'ana chinthu choyera ndi chinthu chakuda. Choyera chikamawala kwambiri, mwagwira nyale; chakuda chikamatuwa choyera chili chimodzimodzi, mwagwira mzere wolakwika, ubwezeni pamene unali.

Tsopano za Sports. Iyeyu amachita zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, amawalitsa ndi kukoleza mitundu ngati Vivid, n'chifukwa chake udzu wa bwalo umabiriwira ngati wopakidwa penti, ndipo mayunifolomu ofiira amaoneka ngati akuyaka. Chachiwiri, amayatsa njira yosalaza kayendedwe ka zithunzi, imene LG amaitcha TruMotion, Sony amaitcha Motionflow, ndipo Samsung amaitcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity. Kanema amayang'ana zithunzi ziwiri zotsatizana n'kupeka china chapakati. Kamera ikamatsata osewera pang'onopang'ono, zimenezi zimathandizadi, makamaka pa makanema amene sikirini yake imasintha chithunzi ka 100 kapena ka 120 pa sekondi. Koma goloboyi akaponya mpira wautali, kanema amatha kulephera kupeka, ndipo mudzaona mpira ukuphethira, ukuoneka pawiri, kapena wosewera atazunguliridwa ndi kamthunzi konjenjemera. Mukaona zimenezo, tsitsani mzere wosalazawo ufike pa Low, kapena muuzimitse. Makanema ambiri otsika mtengo ali ndi sikirini ya 50 kapena 60 pa sekondi, ndipo mpira wochokera pa dekoda umabwera kale pa 50, choncho pa iwowa Sports sawonjezera kanthu kenikeni kupatula mitundu yokolera. Kunena zoona, ine mpira ndimaonera pa Cinema wokwezedwa nyale kapena pa Standard.

Chimene musachite ndi kuiwala kanema pa Sports mpira ukatha. Filimu imajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo kanema akaidzaza ndi zithunzi zopeka, imaoneka ngati sewero lojambulidwa ndi foni, anthu akuyenda moterera mosakhala mwachibadwa. Usiku bwererani pa Cinema, mutsitse Backlight kufika pafupifupi theka kapena pansi pake.

Kuchipinda chogona ndi kumene Vivid amapweteka kwambiri, chifukwa sikirini yowala mumdima wandiweyani imatopetsa maso. Kumeneko khalani pa Cinema nthawi zonse, nyale zili zotsika, ndipo ngati mungathe yatsani kababu kofooka kuseri kwa kanema. Amene mumadalira sola kapena batire, dziwani kuti nyale zimenezi ndi zimene zimadya magetsi ambiri pa kanema, choncho mukazitsitsa batire limakhalitsa. Vivid musiyireni malo ngati m'lesitilanti, m'shopu kapena pakhonde, pamene kuwala kuli kochuluka ndipo anthu akuonera chapatali, kumene kuoneka kwa zigoli kumaposa kulondola kwa mitundu.

Pomaliza pake, makanema ambiri amasunga zosankha zanu padera pa khomo lililonse la HDMI, ndiponso padera pa mapulogalamu a pa intaneti. Mukakonza pa HDMI 1 pamene pali dekoda, pitaninso pa HDMI 2 ndi pa USB mukachite zomwezo, apo ayi mudzapeza Vivid akadali pomwepo. Khomo limene ana amalumikizapo makina a magemu muliike pa Game, chifukwa ndi amene amachepetsa kuchedwa pakati pa kudina batani ndi kuona zotsatira pa sikirini.