Madzi akuwatsamwa kapena nsima ikuima pachifuwa? Osadyetsa odwala sitiroko musanaone izi

[Kamera pa ine, patebulo pali kapu ya madzi, supuni ya tiyi ndi mbale ya phala]

Muli bwanji nonse, ndili kuno ku Kasungu ndipo lero tikambe za kumeza. Ndiyambe ndi malume anga akwa Santhe chifukwa ndi amene andipangitsa kujambula vidiyoyi. Sitiroko inawagwira mmawa akukonzeka zopita ku dimba, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka. Atatuluka mchipatala ife tonse maso anali pa mwendo, ayenda liti ayenda liti, za kukhosi palibe amaziganizira. Azakhali amawamwetsa tiyi pa kapu ali chigonere pamphasa, mutu okha atautsamiritsa pa pilo, akakhosomola amati imwani bwino bambo musafulumire. Patatha masiku asanu thupi linatentha, kupuma kwa befu, kubwerera kuchipatala akuti ndi chibayo. Chibayo chimenecho sichinabwere ndi mphepo ya Juni ayi, anali tiyi uja amalowera ku mapapo pang'onopang'ono. Ndipo nane ndinawamwetsako choncho, sindimadziwa.

[Ndikuloza pakhosi panga]

Apapa pali njira ziwiri zogundizana. Kutsogolo kuli kholingo, njira ya mpweya yopita ku mapapo. Kumbuyo kwake kuli paipi ya chakudya yotsikira mmimba, yotalika pafupifupi masentimita 25. Mukameza, kholingo limakwera mmwamba, kachivindikiro kake kamatseka, mpweya umaima kaye, chakudya nkudutsa kumbuyo, zonsezi mkati mwa sekondi imodzi. Gwirani pakhosi panu mumeze malovu, mwamva kakukwera? Eya, amene amalamula zonsezo ndi ubongo. Ndiye sitiroko ikagunda ubongo, paipi ili bwinobwino, chasokonekera ndi nthawi yotsekera chitseko chija. Pafupifupi theka la anthu amene angogwidwa kumene sitiroko amavutika kumeza masiku oyambirira, ambiri zimasintha pakapita masabata ochepa, koma masabata amenewo ndi amene amatenga anthu.

Tsono munthu akati ndikuvutika kumeza, ine ndimafunsa mafunso awiri basi. Vuto likubwera nthawi yanji, ndipo chikuvuta kwambiri nchani, madzi kapena nsima?

Ngati vuto lili pakhosi penipeni, limaoneka pompopompo. Munthu amasunga chakudya mkamwa kulephera kuyamba kumeza, akameza akukhosomola nthawi yomweyo, misozi mmaso, nthawi zina madzi kutulukira mmphuno, dovu kuchucha mbali imodzi. Mukamuyankhulitsa mawu amamveka onyowa ngati akuyankhulira mmadzi. Ndipo chodabwitsa nchakuti madzi ndi tiyi ndi zimene zimavuta kuposa phala, chifukwa madzi amathamanga, amafika pakhosi chitseko chisanatseke. Uku ndiye kwa sitiroko, komanso matenda ena a ubongo ndi mitsempha.

Koma pali wina amene amameza bwinobwino, sakhosomola, kenako pakapita masekondi angapo amagwira pachifuwa nkumati yaima apa. Amamwera madzi kuti itsike, kapena amaibweza ili yosagayika. Ameneyo vuto lili mu paipi ija, ndipo apa ndikupempheni mumvetsere bwino chifukwa Malawi ali mgulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Kayendedwe kake nkodziwika, choyamba kuima ndi nyama, pakapita miyezi nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi, thupi likungotha. Munthu akayamba kufewetsa nsima yekha kapena kusiya nyama mwakachetechete, musadikire kuti afike pa phala, ndipo musathere miyezi pa mankhwala a chilungulira ogula pa golosale. Pitani kuchipatala cha boma mukanene mawu awa ndendende, chakudya chikuima pachifuwa ndipo zikunka zikula. Amatha kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe amalowetsa kapaipi ka kamera kukaona mkati. Si onse ndi khansa. Asidi wa chilungulira cha zaka zambiri amatha kuchepetsa njira, ndipo amene ali ndi kachilombo chitetezo chikatsika amatuluka zoyerayera mkamwa mpaka mu paipi, kumeza kumawawa kwambiri, zimenezo zimachizika ndi mankhwala otchedwa fulukonazo. Koma chimene chili mkatimo simungachidziwe muli pakhonde.

Chenjezo limodzi, chala chimanama. Munthu atha kuloza pakhosi pomwe chotchinga chili mmunsi mu paipi, ndiye musadalire pomwe akuloza pokha, dalirani nthawi ija ndi mtundu wa chakudya.

Tibwerere kwa malume.

[Ndikukhala pampando, msana woongoka]

Ulendo wachiwiri uja anamwino anawayeza kumeza tisanawapatse kalikonse. Anawakhazika tsonga, kuwapatsa madzi supuni ya tiyi imodzi, ndi mamililita 5 okha amenewo, nkuwauza nenani aaa. Supuni yoyamba bwino, yachiwiri mawu ananyowa, yachitatu chifuwa. Anaimira pomwepo, kapu sanaiyese nkomwe. Malume anakhala masiku angapo akudyera pa kachubu kolowera mmphuno mpaka mmimba, ndipo pachibale panali mkangano, ena amati chubu ndiye kuti basi munthu akupita. Sizoona. Chubu chimapatsa munthu chakudya, madzi ndi mankhwala pomwe khosi likuchira, cha malume anachichotsa ndipo lero akudya ndi dzanja lawo lamanzere. Inu a gadiyani, adokotala akanena kuti asadye kanthu pakamwa, musamubisire thobwa usiku chifukwa cha chisoni, chonde.

Atabwera kunyumba tinasintha zonse, ndipo chachikulu chinali kakhalidwe. Munthu adye atakhala tsonga ngati mmene ndakhaliramu, osati chotsamira, osati chogona. Ngati palibe mpando, mukhazikeni pamphasa msana kukhoma, mbali yofookayo muichirikize ndi pilo kapena bulangete lopinda kuti asapendekeke. Mutu usagwere kumbuyo. Nchifukwa chake wodyetsa akhale pansi maso ndi maso, mukaimirira iye amadzutsa chibwano kuyang'ana supuni ndipo njira ya mpweya imatseguka. Ngati akusinza, dikirani, munthu watulo sadyetsedwa ngakhale nthawi ya nkhomaliro itakwana. Wailesi zimitsani, ndipo musamufunse mafunso chakudya chili mkamwa.

[Ndikutunga phala ndi supuni, ndikuipendeketsa]

Onani phala ili. Likukhala pa supuni, ndikapendeketsa likugwa lonse pamodzi, silikuyenderera ngati madzi komanso silikumatirira. Ndi mulingo umene unawayanja malume, la mgaiwa losefa bwino lopanda zibuluma, tikathiramo nsinjiro zosalala ndi kamafuta pang'ono kuti likhale ndi mphamvu. Tinkawapatsanso nthochi yakupsa yokanya, peyala, maungu, mbatata yophika yokanya ndi msuzi mpaka isalale, nyemba zochotsa makoko. Supuni ya tiyi, osati yaikulu. Ikani mbali ya mkamwa imene ili ndi mphamvu, dikirani muone kholingo lakwera, muwauze amezenso kachiwiri, kenako ndiye supuni ina. Mbale imodzi imatitengera mphindi 30, akatopa timasiya nkudzapitiriza, bola kudya kasanu pang'onopang'ono kusiyana ndi kukakamiza mbale yodzadza.

Zimene tinachotsa ndi izi, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mpunga womwazika, usipa ndi nsomba za minga, masamba a ulusi. Koma zoopsa mobisika ndi zosakaniza madzi ndi zolimba, buledi wonyika mu tiyi, thobwa losasefa, lalanje, chifukwa madziwo amatsogola kukhosi munthu akadali kutafuna. Nsima azakhali anaikana kuichotsa, anati munthu osadya nsima ndiye wadya chani, ndiye titaloledwa tinayamba ndi yofewa kwambiri, timbamu tating'ono ngati nsonga ya chala tonyowetsa mu msuzi wokhuthala. Nsima yolimba imamatirira kukhosi.

Nkhani ya madzi ndi yovuta ndipo sindikunamizani. Munthu amafunikabe madzi, ndipo ambiri amene amangopatsidwa zokhuthala amamwa pang'ono nkuuma thupi. Ife tinkapereka phala lamadzimadzi losefa pa supuni pafupipafupi tsiku lonse, nkumayang'ana mkodzo, ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa. Kubwerera ku madzi wamba anatiuza ndi achipatala atawayezanso. Kukhuthala koyenera kumasiyana munthu ndi munthu, ndiye ngati kuchipatala kuli a fiziyo kapena wina woona za kumeza, muwapemphe amuyeze wodwala wanu musanatuluke. Mapilisi nawonso funsani musanaphwanye, ena a bipi anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, mukawapera mphamvu yonse imalowa kamodzi.

Akamaliza kudya ntchito sinathe. Tsegulani pakamwa muone tsaya la mbali yofooka, mumapezeka phala lobisala iye osalimva nkomwe, ndipo akagona limatsetserekera kukhosi. Chotsani, tsukani mano ndi lilime ndi mswachi kawiri patsiku ngakhale amene akudyera pa chubu, chifukwa tizilombo ta mkamwa mosatsuka ndi timene timakayambitsa chibayo malovu akalowera ku mapapo. Kenako akhalebe tsonga mphindi 30 asanagone.

Ndipo ichi ndiye chinatipusitsa ife, kusakhosomola sikutanthauza kuti zili bwino. Sitiroko imatha kupha kumva kwa pakhosi, chakudya nkumalowa ku mapapo mwakachetechete popanda chifuwa. Ndiye muzimvetsera mawu akatha kumeza, muziona ngati akupuma mothamanga akamadya, ndipo thupi likatentha, makhololo akachuluka kapena akayamba kusokonezeka mutu, pezani galimoto tsiku lomwelo, musayambe ndi panado.

[Ndaimirira, mnzanga wakhala pampando kuti tionetse]

Akatsamwa koma akukhosomola mwamphamvu, musiyeni akhosomole, muweramitseni kutsogolo, osamupatsa madzi oti atsitsire ndipo osapisa chala mkamwa mwachimbulimbuli. Koma ngati mawu sakutuluka, mpweya sukulowa, milomo ikusintha mtundu, muweramitseni chonchi, menyani ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu mwamphamvu. Sizinatuluke, imani kumbuyo kwake, chibakera pamwamba pa mchombo, dzanja lina pamwamba pake, kokerani mkati ndi mmwamba kasanu. Muzisinthana choncho, kasanu kumsana kasanu pamimba, wina akuthamangira galimoto. Chikatuluka mupite nayebe kuchipatala akamuone. Bwerezani kachigawo aka muonenso pomwe ndaika manja, kenako muyeserere kaikidwe ka manjako ndi amene mumasinthana naye kudwazika, koma osakoka mwamphamvu pa munthu amene sanatsamwe.