Mano a chipeso pa vidiyo za tepi: achotseni musanachepetse fayilo

[Pa sikirini: vidiyo ya ukwati, yaimitsidwa pa perekani-perekani]

Taonani dzanja la mayi akuponya ndalamawa. M'mphepete mwa zala muli timizere tolowanalowana ngati mano a chipeso. Koma mpando uli kumbuyowo uli bwinobwino. Tepi ya VHS imeneyi anandibweretsera ndi bambo ena ochokera ku Namwera, ndipo anafika akudandaula kuti deki yanga yawaonongera ukwati wawo. Deki sinalakwe, tepi nayonso ilibe vuto. Zimenezi timati intalesi.

Matepi athu kuno, ngakhale amene abale ankabwera nawo kuchokera ku Joni, ndi a PAL: zithunzi 25 pa sekondi, chilichonse cha mizere 576. Koma kamera sinkajambula chithunzi chonse nthawi imodzi. Inkayamba ndi mizere 288, kudumpha umodzi umodzi, kenako n'kudzajambula yotsalayo. Ndiye pa sekondi pali matheka 50, ndipo theka lachiwiri likamajambulidwa, dzanja lija limakhala litasuntha kale. TV zakale za chimsana zija zinkaonetsa mathekawa motsatizana, diso osazindikira kanthu. Kompyuta ndi foni zimawaphatikiza pamodzi, mano aja n'kutulukira paliponse pamene pali choyenda.

N'chifukwa chiyani tiyambe ndi zimenezi tisanachepetse fayilo? Pulogalamu yochepetsa imaona timizereti ngati mbali ya chithunzi, ndiye imataya malo ambiri kuyesa kutisunga, nkhope za anthu n'kutuluka zamadonthomadontho. Choipa koposa ndi kusintha kukula kwa chithunzi mano akadalipo. Mizere ya matheka awiri aja imasakanikirana, m'mphepete mwa zinthu mumaoneka mafunde, ndipo palibe pulogalamu ingawalekanitsenso bwino. Anzanga obena mafilimu pamsika, apa ndi pamene ambiri mumaphonya: mumathamangira kuti ikwane pa foni.

Choyamba tidziwe theka limene limatsogola, la mizere yoyambira pamwamba kapena linalo. Ndimagwiritsa ntchito ffmpeg, yomwe ndi yaulere.

[Pa sikirini: lamulo loyamba]

```
ffmpeg -ss 00:20:00 -i ukwati.avi -vf idet -frames:v 500 -an -f null -
```

Ndadumpha mphindi 20 dala kuti ndifike pamene anthu akuvina. Mukayeza pamene abusa angoima chilili, pulogalamu imasowa choona. Kumapeto yang'anani mzere wa Multi frame detection. Nambala yaikulu ikakhala pa TFF, lapamwamba ndilo limatsogola. Ikakhala pa BFF, ndi lapansi. Yathuyi yagwera pa BFF, ndipo sindikudabwa chifukwa tepiyi ndinaidutsitsa mu kamera ya DV, yomwe imatsogoza lapansi. Ikakhala pa Progressive, isiyeni vidiyoyo, ilibe chochotsa.

[Pa sikirini: lamulo lachiwiri]

```
ffmpeg -i ukwati.avi -vf "bwdif=mode=send_field:parity=bff,scale=768:576,setsar=1" -c:v libx264 -crf 18 -pix_fmt yuv420p -c:a aac ukwati.mp4
```

Onetsetsani ndondomeko yake: bwdif, yochotsa mano aja, ili patsogolo, scale, yosintha kukula kwa chithunzi, ikubwera pambuyo. Musazitembenuze. Mawu akuti send_field akutanthauza kuti theka lililonse lisanduke chithunzi chathunthu, pulogalamu ikudzaza mizere yosowayo poyang'ana mizere yoyandikana nayo ndi matheka a m'mbuyo ndi m'tsogolo. Choncho tituluka ndi zithunzi 50 pa sekondi. Mukalemba send_frame mupeza 25, fayilo ichepako ndithu, koma mavinidwe amataya kusalala kwake. Ine pa ukwati, beni kapena mpira sindilola 25. Pa munthu wongokhala n'kumayankhula, ndikhoza kulola. Nambala ya 768:576 ikungobweza maonekedwe a TV yakale kuti anthu asaoneke owonda.

Nanga mukalakwitsa parity, pamene timalemba theka limene limatsogola? Tiyeni tiyese dala, ndilembe tff.

[Pa sikirini: vidiyo ikuyenda chithunzi chimodzi chimodzi]

Mano achoka, inde, koma taonani dzanjalo. Lapita kutsogolo, labwerera, lapitanso. Mukaiseweretsa, chilichonse choyenda chimanjenjemera, mpaka maso kuwawa. Mukaona zotere, bwererani ku fayilo yoyamba ija musinthe mawu amodzi okhawo. Ndiye yesani kaye pa kachidutswa kakafupi, kusiyana n'kudikira tepi yonse ya maola atatu, magetsi n'kukuthimiraninso pakati.

Musayembekezere zozizwitsa. Bwdif sichotsa chipalepale cha tepi, ngakhalenso kamzere kosokonekera kamene kamakhala pansi penipeni pa chithunzi cha VHS. Pa zinthu za mizere yopyapyala, monga malata a denga kapena chitenje chamizeremizere, mudzaonabe kuphethiraphethira pang'ono. Pulogalamu ina yochotsa mano, QTGMC, imachita bwino pamenepo, koma imachedwa kwambiri ndipo kuiika kwake n'kovuta.

Fayilo ya ukwati.avi ija musaifufute, ngakhale DV imadya pafupifupi magigabaiti 13 pa ola. Ya bambo a ku Namwera aja ndaisunga pa hadi dilaivi, iwo atenga ukwati.mp4 pa fulashi.