Makalata a Omvera: Kodi Shuga Tiziyeza Nthawi Yanji?

"Ine ndine mayi wa ku Chilomoni, ndipo ndimamwa mapiritsi a shuga a metifomini ndi gilibenikalamaidi. M'mawa uliwonse ndisanadye ndimadziyeza, ndipo kamakina kamaonetsa 6 kapena 7, koma kuchipatala atayeza magazi a miyezi itatu anati shuga wanga ndi wokwera. Kodi kamakina kanga kawonongeka, kapena ndikuyeza nthawi yolakwika?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ine sindikukaikira kamakina kanu, chifukwa nambala iliyonse imene kamakupatsani imanena za mphindi yomwe mwabaya chalayo basi. Ya m'mawa imasonyeza mmene thupi lagwirira ntchito usiku, m'mimba mulibe kanthu, ndipo yanuyo ndi yabwino, pakuti kwa akuluakulu ambiri odwala shuga mlingo wofunika asanadye umakhala pakati pa 4 ndi 7 mmol/L. Koma kuyeza kwa kuchipatala kuja, komwe pa pepala amalemba kuti HbA1c, kumaphatikiza usana ndi usiku wa miyezi iwiri kapena itatu, kotero kumagwiranso maola amene inu simuyang'ana, makamaka a pambuyo pa nsima.

Chimene ndikukupemphani ndi kuyeza kawiri pa chakudya chimodzi. Yezani musanayambe kudya nkhomaliro, kenako yezaninso patatha maola awiri, ndipo maolawo muwawerenge kuyambira pa mbamu yoyamba, osati pamene mwasamba m'manja mutamaliza. Ambiri amaphonya pomwepa: munthu amayamba kudya 12 koloko, n'kumacheza mpaka 1 koloko, kenako n'kudzayeza 3 koloko, shuga atatsika kale, iye n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Ngati mwayamba kudya 12 koloko, chala chibayidwe 2 koloko. Nthawi imeneyo nambala imayenera kukhala yosafika 10 mmol/L, ngakhale madokotala ena amafuna kuti ikhale yotsikirapo kuposa pamenepo, malinga ndi msinkhu ndi thanzi la wodwalayo.

Tiyerekeze kuti Lolemba mwapeza 6.8 musanadye, mwadya mitanda itatu ya nsima ya ufa woyera ndi nyemba, ndipo 2 koloko kamakina kaonetsa 13.5. Shuga wakwera ndi manambala pafupifupi 7, pamene chakudya chimene thupi lachikwanitsa kawirikawiri chimamukweza ndi 2 kapena 3. Lachitatu yesaninso nthawi yomweyo, koma mudye mitanda iwiri yaing'ono, muchulukitse ndiwo zamasamba, ndipo mukatha muyendeko pang'ono. Mukapeza 9.5, mwadziwa kuti vuto linali kuchuluka kwa nsima, ndipo zimenezi simukanazidziwa ngakhale mukanayeza m'mawa chaka chathunthu. Koma ngati nambala ikukhalabe 13 kapena 14 ngakhale mwachepetsa chakudya, musapitirize kudzimana mpaka kufooka, makamaka poti gilibenikalamaidi amatha kutsitsa shuga mopitirira munthu akadya pang'ono. Tengani kabuku ka manambala anu mukaonetse adokotala, chifukwa mwina ndi mankhwala amene akufunika kusinthidwa.

Ndikudziwa kuti timapepala toyezera timadula, ndipo sindikunena kuti muzibaya chala kasanu ndi kawiri tsiku lililonse. Kwa munthu womwa mapiritsi amene shuga wake sakusinthasintha kwambiri, ndi bwino kusinthana zakudya: Lolemba muyeze kawiri pa kadzutsa, Lachitatu kawiri pa nkhomaliro, Lachisanu kawiri pa chakudya chamadzulo. Amenewo ndi timapepala 6 pa sabata, ocheperapo kuposa 7 amene mukugwiritsa ntchito panopa, ndipo kabotolo ka 50 kakufikitsani milungu 8. Pafupi ndi nambala iliyonse lembani ola ndi zimene mwadya, chifukwa 9 ya musanadye ndi yokwera, pamene 9 ya patatha maola awiri mutadya ndi yabwino. Ndipo sambani m'manja ndi kupukuta musanabaye, makamaka nyengo ya mango, pakuti timadzi totsekemera totsalira pa chala timakweza nambala ngakhale magazi ali bwino.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji.

"Ndimadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Masiku ena ndimadzidzimuka pakati pa usiku ndili thukuta, mtima ukugunda, ndipo ndimadya chilichonse chimene ndapeza. Kukacha shuga amakhala 12 kapena 13. Kodi ndiwonjezere jakisoni wamadzulo?"

Bambo, chonde musawonjezere ngakhale pang'ono musanaonane ndi adokotala anu. Thukuta la usiku, kugunda kwa mtima, kunjenjemera ndi njala yadzidzidzi ndi zizindikiro zodziwika za shuga wotsika, ndipo n'kutheka kuti 13 ya m'mawayo ikuchokera ku zimene mumadya usiku podzipulumutsa. Ngati zili choncho, kuwonjezera insulini kungakutsitsireni shuga kwambiri muli m'tulo, nthawi imene simungathe kudzithandiza nokha.

Kwa munthu wobaya insulini, kuyeza pogona n'kofunika kuposa mmene kulili kwa womwa metifomini yekha, amene kawirikawiri satsitsa shuga mopitirira. Insulini wamadzulo, makamaka uja wooneka ngati mkaka, amapitiriza kugwira ntchito mwamphamvu pakati pa usiku, patapita maola ambiri chakudya chitagayika. Choncho mukayeza pogona n'kupeza nambala yosafika 6, musagone musanadye kanthu kochedwa kugayika, monga kagawo ka buledi kapena kachidutswa ka mbatata yophika. Samalani kwambiri tsiku limene mwalima kapena kupalasa njinga mtunda wautali, ndiponso tsiku limene mwamwako mowa, chifukwa zonse ziwirizi zimatha kutsitsa shuga patapita maola ambiri, munthu atagona kale.

Kuti tidziwe chimene chikuchitika, tcherani alamu ya foni kuti muyeze cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, kwa masiku awiri kapena atatu, kuwonjezera pa kuyeza pogona ndi podzuka. Ngati mwagona pa 7, n'kupeza 3.4 pa 3 koloko, ndiye kuti jakisoni wamadzulo wachuluka kapena chakudya chachepa. Koma ngati pa 3 koloko mwapeza 7 kapena 8, n'kudzuka ndi 12 osadya kanthu, nkhani ndi ina: m'bandakucha thupi limatulutsa mahomoni amene amauza chiwindi kuti chitulutse shuga, ndipo mwa anthu ena insulini sakwanira kumubweza. Nambala ya m'mawa imafanana pa mavuto awiriwa, koma thandizo lake limasiyana, n'chifukwa chake adokotala amafuna manambala atatu onsewo.

Mukadzidzimuka ndi thukuta, yezani pomwepo ngati kamakina kali pafupi. Nambala yosafika 4 mmol/L, kapena mawu oti LO, ikutanthauza kuti musungunule masipuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi n'kumwa, mudikire mphindi 15, muyezenso, ndipo ngati sanakwere mubwereze. Akakwera, idyani kagawo kamodzi ka buledi, osati mbale yathunthu ya nsima yotsala. Ngati kamakina kali kutali, imwani kaye shugayo. Akunyumba adziwenso kuti munthu wokomoka samwetsedwa kanthu, koma amagonekedwa cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Ngati kamakina kanu kamalemba mg/dL, gawani nambalayo ndi 18, kotero 70 ndi pafupifupi 4, ndipo 180 ndi 10.