Kudina kamodzi, kuwerenga kamodzi: filipifulopu ndi geti ya AND

Zikomo nonse, khalani pansi tiyambe. Ambiri mwamva zomwe zachitikira anzathu ndi chowerengera chawo sabata yathayi. Anachikonza kuti munthu akadina batani, nambala izikwera ndi imodzi. Koma atadina kamodzi kokha, nambala inathamanga osaoneka n'komwe, n'kukaima pena pake pachilendo. Ena anati chipi chapsa, ena anayamba kuzula mawaya. Palibe chinapsa.

Taonani. Bolodi lawo lili ndi koloko ya megahetsi 50, kutanthauza kuti imagunda ka 50 miliyoni pa sekondi, ndipo kugunda kulikonse kumatenga mananosekondi 20. Chala chanu, ngakhale muchite changu chotani, chimakhala pa batani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. M'kanthawi kameneko koloko yagunda ka 5 miliyoni. Iwo anauza chowerengera kuti, ukaona batani lili pa 1, wonjezera. Ndiye chinamvera, chinawonjezera ka 5 miliyoni.

Chomwe tikufuna si kudziwa kuti batani lili pa 1. Tikufuna kudziwa kuti langofika kumene pa 1. Ndipo kuti udziwe kuti chinthu chasintha, uyenera kukumbukira mmene chinalili. Ili ngati ntchito ya mlonda wa pakhomo: sawerenga munthu chifukwa wamuona ali m'nyumba, amawerenga amene posachedwapa anali panja koma tsopano ali mkati.

Chokumbukira chathu ndi filipifulopu ya D. Koloko ikagunda, imatenga zomwe zili pa mwendo wa D n'kuziika pa Q, ndipo imazisunga mpaka kugunda kotsatira. Choncho Q nthawi zonse amatiuza mmene siginolo inalili kale, kugunda kumodzi m'mbuyo. Tsopano tengani geti ya AND, imene imatulutsa 1 pokhapokha miyendo yake yonse iwiri ili pa 1. Mwendo umodzi mulowetse siginolo ya tsopano, mwendo winawo mulowetse ya kale ija koma yotembenuzidwa. Amene muli ndi chipi cha filipifulopu cha 74HC74 simufunikanso chotembenuzira, chifukwa chipichi chili kale ndi mwendo wotulutsa Q wotembenuka. Geti ya AND muipeza mu 74HC08.

Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono. Poyamba ya tsopano ili 0, ya kale ili 0, geti ikutulutsa 0. Koloko yagunda, siginolo yakwera: ya tsopano ili 1, koma filipifulopu ikusungabe 0. Apa geti yatulutsa 1. Koloko yagundanso. Pa kugunda kumeneku chowerengera chaona 1 uja n'kuwonjezera imodzi, ndipo nthawi yomweyo filipifulopu yameza 1, ya kale yafanana ndi ya tsopano, geti yabwerera pa 0. Gwirani batanilo mpaka mawa, geti siidzatulutsanso kanthu. Palusi yake, ndiye kuti 1 wa kanthawi uja, ndi ya mananosekondi 20, utali wa kugunda kumodzi.

Koma mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri mumagwera. Ndanena kuti koloko yagunda, ndiye siginolo yakwera. Siginolo yolowa mu geti iyenera kukhala yoyendera koloko yomweyo. Musalowetse waya wa batani molunjika mu geti. Ndibwerezenso: waya wochokera kunja usakhudze geti usanadutse m'mafilipifulopu.

Chifukwa chake n'chakuti chala sichidziwa za koloko. Tinene kuti batani lakwera kutatsala mananosekondi 3 kuti koloko igunde. Palusi yanu ikhala ya mananosekondi 3 basi, osati 20. Kapalusi kopyapyala kotere kamafika ku mafilipifulopu a chowerengera pa nthawi zosiyana, popeza njira zake si zofanana kutalika. Ena amakaona, ena sakaona. Chowerengera chili pa 7, ndiye kuti 0111, chikuyenera kupita pa 8, ndiye kuti 1000. Manambala anayi onsewo ayenera kusintha pamodzi. Loyamba lokha likasintha mupeza 1111, amene ndi 15. Atatu enawo okha akasintha mupeza 0. Ndinaonapo mnyamata wina akuwotchereranso mawaya ake onse chifukwa cha vuto lomweli, akuganiza kuti pali polekeza. Limapweteka mutu chifukwa limabwera mwa apo ndi apo, ndipo pa tsiku loonetsa anthu ndi pamene limatulukira.

Mankhwala ake ndi mafilipifulopu awiri otsatizana patsogolo. Yoyamba, siginolo ikasintha pa nthawi yeniyeni ya kugunda, imatha kuzengereza pakati pa 0 ndi 1 kwa kanthawi. Yachiwiri imaipatsa nthawi ya kugunda kumodzi kuti ikhazikike. Kenako yachitatu ndiye yokumbukira ija. Amene mumalemba Verilog, ndi izi ndalemba pa bolodi:

```verilog
always @(posedge clk) begin
  s1   <= batani;
  s2   <= s1;
  kale <= s2;
end
assign palusi = s2 & ~kale;
```

Onani kuti geti ikutenga `s2`, osati `batani`, osatinso `s1`.

Eya, bambo kumbuyoko, funsani.

"Aphunzitsi, bwanji osangolumikiza batani ku mwendo wa koloko wa chowerengeracho? Pajatu chimawerenga pokhapokha siginolo ikakwera."

Mwafunsa bwino, ndipo ambiri muno mumachita zomwezo, ndakuonani. Pa chowerengera chimodzi chokha, chopanda chinzake, zimatha kuyenda. Koma mukatero mwapanga koloko yachiwiri. Chowerengeracho chizisintha pa nthawi ya chala, pamene dera lonse likuyendera koloko yeniyeni, ndiye mbali ina ikadzawerenga nambalayo ili mkati mosintha, vuto la 7 ndi 15 lija labweranso. Chachiwiri, mwendo wa koloko sukhululuka. Kaphokoso kalikonse ka pa waya umakatenga ngati kugunda kwenikweni. N'chifukwa chake ngakhale palusi yathuyi, yoyera choncho, sitiipereka ku mwendo wa koloko. Zotuluka mu geti zimatha kuphethira pang'ono koloko ikangogunda, miyendo yake iwiri isanakhazikike. Palusi imapita ku mwendo wololeza, uja wolembedwa EN, ndipo chowerengera chimangouyang'ana pa kugunda kotsatira, zonse zitadekha. Wina anganenenso za kapasita ndi rezisita. Inde zimapanga palusi, koma utali wake umadalira zipangizozo ndi kutentha, ndiye lero ikwana kugunda kumodzi, mawa kuwiri, mkuja iphonya.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange ndi zotsalazi.

Mukadina kamodzi nambala n'kukwera ndi 3 kapena 4, dera lanu lili bwino, ndi batani likunjanja. Tizitsulo ta mkati timagundana n'kusiyana kangapo kwa mamilisekondi ochepa, ndipo kukwera kulikonse kumabala palusi yake. Ikani chodikirira pakati pa `s2` ndi `kale`, chovomereza siginolo pokhapokha itakhala osasintha kwa mamilisekondi 10 kapena 20, ndipo geti izitenga zotuluka m'chodikiriracho. Mukafuna kugwira kutsika, tembenuzani: `~s2 & kale`. Mukafuna zonse ziwiri, kukwera ndi kutsika, ikani geti ya XOR, 74HC86. Ngati batani lanu limakhala pa 1 lisanadinidwe, mafilipifulopu onse atatu ayambire pa 1 poyatsa, apo ayi mupeza palusi yabodza musanakhudze kanthu. Siginolo yaifupi kuposa kugunda kumodzi ikhoza kudutsa osaoneka, deralo silingaigwire nthawi zonse. Ndipo musayese kuona palusi ndi kababu, mananosekondi 20 diso silingaone. Yesani ndi osilosikopu, kapena chepetsani koloko izigunda kamodzi pa sekondi.

Tengani mabolodi awiriawiri. Ndidutsa pa tebulo lililonse, ndipo choyamba kuyang'ana ndi kumene waya wa batani wathera.