Kalata ya adokotala kwa abale a bambo amene adwala sitiroko

"Zikomo aulutsi. Ine ndine Nabanda wa kwa Santhe, kuno ku Kasungu. Bambo anga, a zaka 63, anagwa m'mawa akusoka fodya m'chigafa. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafooka, kukamwa kunapotoka, ndipo mawu sakutuluka bwino. Potitulutsa m'chipatala, adokotala anatilembera kalata yoti abale onse amve. Koma akuluakulu a kwawo kwa bambo akuti iyi ndi nyundo ya afiti, bambo asiye mapiritsi akatemere mphini. Ine ndine mwana, sindingalimbane nawo. Kalatayo ndaiphatikiza, chonde iwerengeni pawailesi poti onsewo amamvera pulogalamu ino."

Pepani kwambiri a Nabanda, ndipo mwachita bwino kulemba. Kalata ya adokotala ili m'manja mwangamu. Ndiiwerenga pang'onopang'ono, mayina okha ndiwadumpha. Inu agogo ndi atsibweni a kwa Santhe, senderani pafupi ndi wailesi, mudzimvere nokha.

"Kwa abale onse a bambo amene takhala tikuwathandiza. Bambo anu adwala sitiroko, matenda amene ambiri amati kufa kwa ziwalo. Ngakhale mukuona mkono ndi mwendo zili lende, vuto silili m'mkonomo kapena m'mwendomo. Vuto lili mu ubongo. Ubongo umalandira chakudya ndi mpweya kudzera m'magazi, monga momwe dimba limalandirira madzi kudzera m'ngalande. Ngalande imodzi ikatsekeka, mbewu za mbali imeneyo zimafota, pamene zina zonse zili bwinobwino. Kwa bambo anu, kachibulumwa ka magazi oundana kanatseka mtsempha wina wa mbali ya kumanzere ya ubongo, ndipo kachigawo kamene kamadalira mtsempha umenewo kanawonongeka. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imalamulira kumanja kwa thupi, ndipo kwa anthu ambiri ndi imenenso imasunga mawu. N'chifukwa chake kwafooka kumanja, komanso akafuna kunena 'madzi' pakamwa pamatuluka mawu ena. Sanapenge ayi. Zambiri zimene mukulankhula akumva, choncho musamawanene ali pomwepo ngati palibe munthu."

Ndiime kaye pamenepa, chifukwa funso la nyundo lagona apa. Anthu sanena za nyundo chifukwa chopusa. Munthu wadzuka bwinobwino, wamwa tiyi, wayamba ntchito, kenako thapsa pansi, popanda kutentha thupi, popanda bala. Ndani sangadabwe? Komatu mtsempha sutsekeka mochita kuchenjeza. Ukatsekeka, ubongo umayamba kuwonongeka m'mphindi zochepa chabe, ndiye kugwako kumakhaladi kwadzidzidzi. Chimene sichinali chadzidzidzi ndi chimene chinawononga mtsemphawo. Tamvani mmene adokotala akupitirizira.

"Tsiku limene anafika, magazi awo amathamanga pa 190/110. Munthu wamkulu tikamupeza mobwerezabwereza ali pa 140/90 kapena kupitirira, timati ali ndi bipi. M'kabuku kawo ka kuchipatala tinaonamo kuti anawapeza ndi bipi zaka zapitazo, anamwa mankhwala kwa kanthawi, kenako anasiya chifukwa sankamva kupweteka paliponse. Bipi ndi yotero. Imakhoza kukhala zaka osapweteketsa ngakhale mutu, koma mkati ikulimbitsa ndi kuchepetsa mitsempha mpaka tsiku lina umodzi kutsekeka kapena kuphulika.

"Sitiroko ilipo ya mitundu iwiri, yotsekeka mtsempha ndi yophulika mtsempha magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Pongomuyang'ana wodwala sitingasiyanitse bwino, ndiye tinawatumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe kukawajambula m'mutu ndi sikani. Chithunzi chinaonetsa kuti mulibe magazi okhuthuka. N'chifukwa chake tawapatsa asipirini wamng'ono wa mamiligalamu 75, kamodzi pa tsiku, kuti magazi asaundanenso, pamodzi ndi amulodipini wotsitsa bipi. Akanakhala kuti mtsempha unaphulika, asipirini akanawonjezera vutolo. Choncho musagawire mnansi aliyense mankhwalawa poganiza kuti matenda ake ndi omwewa. Ndipo bipi ikatsika, musati achira. Yatsika chifukwa cha mankhwalawo, ndipo akawasiya idzakweranso. Sitiroko yachiwiri kawirikawiri imapweteka kuposa yoyamba."

Akuluakulu anga, ndikulankhula mwaulemu wonse. Kupempherera wodwala palibe akuletsa, ngakhale adokotalawa sanaletse. Koma mphini ndikukupemphani muzisiye. Khungu la mbali yofookayo mwina silikumva bwino, bala likhoza kuyamba kuola iwo osazindikira, komanso munthu amene akumwa asipirini magazi amachedwa kusiya akatemedwa. Choopsa kuposa pamenepo ndi mankhwala a m'botolo omwetsa munthu atagona chagada. Chifukwa chake chili m'ndime yotsatirayi, imene kwa ine ndi yofunika kuposa zonse m'kalatamu.

"Sitiroko yafooketsanso minofu yomezera. Chakudya kapena madzi zikhoza kulowera njira ya mpweya n'kukafika m'mapapo, ndipo zimenezi zimabweretsa chibayo, chimene chimapha odwala sitiroko ambiri m'masabata oyamba. Musawadyetse kapena kuwamwetsa atagona, kapena ali ndi tulo. Akhazikeni tsonga, msana utatsamira khoma, mutu utaweramira kutsogolo pang'ono. Madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa msanga chifukwa zimathamanga pakhosi, pamene phala lolimbirako lopanda mibulu, nthochi yofinya kapena mbatata yoponda zimatsika mwadongosolo. Patsani ndi sipuni yaing'ono, mbali ya kumanzere ya kamwa imene ili ndi mphamvu, ndipo dikirani ameze musanapatse ina. Akatha, yang'anani m'tsaya la kumanja, chifukwa chakudya chimabisala m'menemo iwo osamva. Atsukeni m'kamwa, ndipo akhalebe tsonga kwa mphindi 30. Mukaona kuti akutsokomola pa sipuni iliyonse, kapena mawu awo akumveka ngati muli madzi pakhosi akangomeza, lekani kudyetsa, bwerani nawo. Ngati n'kofunika tidzawaika kapaipi ka m'mphuno kwa kanthawi. Kapaipi kameneka si chizindikiro chakuti tawataya."

A Nabanda, ndikudziwa mmene zimakhalira kumudzi. Alendo odzazonda matenda amabwera ndi thobwa, ena ndi zakumwa za m'botolo, ndipo aliyense amafuna kuti wodwala alaweko chake. Apa ndiye mulimbe mtima. Odyetsa akhale anthu awiri kapena atatu amene aphunzira, ena onse azipereka mphatso zawo m'manja mwa amenewo. Nsima yolimba, nyama ya mitsempha, mtedza wokazinga ndi chimanga chootcha zidikire kufikira achipatala ataona kuti kumeza kwabwerera. Ndiwo zikhale zofewa, mchere wochepa kwambiri. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene ndi pafupifupi sipuni imodzi ya tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu usipa wouma ndi zina zotero. Kambale ka mchere kowonjezera pakudya kachoke pamphasa, ndipo banja lonse lipindula nazo, poti bipi imayenda m'magazi a pachibale.

Kalata ikupitirira.

"Pamene sakutha kudzitembenuza okha, atembenuzeni pakatha maola awiri alionse, usana ndi usiku. Yang'anani m'chiuno, pamatako, m'zidendene ndi m'mapewa. Pakafiira kapena kuda kuposa khungu lozungulira, ndiye kuti chilonda chikuyamba, asagonerenso pamenepo. Zogonera zikhale zouma. Powadzutsa musakoke mkono wofookawo ngakhale pang'ono, chifukwa minofu yogwira phewa yalefuka ndipo phewalo likhoza kuguluka n'kumawapweteka kwa miyezi. Agwireni m'chiuno ndi kumsana, ndipo akakhala pansi mkonowo uzitsamira pa pilo, usamalendewere. Tsiku lililonse pindani ndi kuwongola zala, chigongono, bondo ndi phazi mofatsa, monga anakuonetserani a fiziyo, osakakamiza pamene akumva kuwawa.

"Mudzandifunsa ngati adzayendenso. Sindingakulonjezeni kuti adzabwerera mmene analili. Kachigawo ka ubongo kamene kanafa sikadzukanso, koma zigawo zoyandikana nazo zimaphunzira kugwira ntchito yake ngati munthu akuyeserera tsiku ndi tsiku. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu yoyamba, kenako kumapitirira pang'onopang'ono. Nthawi zambiri mwendo umatsogola, dzanja limachedwa. Bambo anu potuluka anali atayamba kukhala tsonga okha ndi kugwedeza phazi, ndipo zimenezi zikutipatsa chiyembekezo."

Mwamva kuti adokotala sanakunamizeni, ndipo ine ndawalemekeza pa chimenechi. Miyezi itatu imene akunenayo ndi inoyi, ndipo sabata iliyonse imene bambo angakhale chigonere podikira kuti nyundo ichotsedwe ndi sabata yotayika pa nthawi imene ubongo ukuphunzira msanga. Chifundo chambiri nachonso chimabwezera m'mbuyo. Ngati angathe kugwira sipuni ndi dzanja la kumanzere, asiyeni adye okha ngakhale phala litayikire pa malaya. Polankhula nawo, munthu mmodzi pa nthawi, funso lalifupi loyankha ndi inde kapena ayi, kenako dikirani, musawamalizire mawu. Ena amene mawu akuwavuta amatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi imene anaizolowera, ndiye yesani kuimba nawo. Mukawaona akulira pafupipafupi kapena akukana chakudya ndi anthu, kawauzeni achipatala, chifukwa kukhumudwa kotere kumabwera kawirikawiri pambuyo pa sitiroko ndipo kuli ndi chithandizo chake.

Ndime yomaliza ikukhudza tonse amene tikumvera, kaya tili ku Chamama, ku Nkhamenya kapena pa boma.

"Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mukaona kukamwa kwapotokanso, chiwalo china chafooka, kulankhula kwasokonekera kuposa kale, mutu ukuwawa koopsa mwadzidzidzi, akomoka kapena akugwedezeka ngati khunyu, thupi latentha, akupuma mobanika, kapena mwendo wofookawo watupa ndi kuwawa. Ngakhale zizindikiro za sitiroko zitatha zokha patapita mphindi zochepa, bwerani ndithu, chifukwa limenelo ndi chenjezo la sitiroko yaikulu. Panjira musawamwetse kanthu, agonekeni cham'mbali, ndipo kumbukirani nthawi imene zinayamba kuti mudzatiuze. Ana awo ndi abale awo onse akuluakulu akayezetse bipi ndi shuga, ndipo amene amasuta fodya asiye."

Kalata yathera pamenepo, ndi tsiku lobwerera ku kiliniki limene lalembedwanso m'kabuku kawo. A Nabanda, pa tsiku limenelo nyamulani kabukuko ndi mapiritsi onse otsala kuti awerengedwe, ndipo musadikire kuti athe musanakatenge ena. Pemphaninso mmodzi mwa akuluakuluwo, makamaka amene mawu ake amamveka pabanjapo, kuti apite nanu. Akafunse okha mafunso awo kwa adokotala, awaonetse zimene sikani inapeza, ndipo asanatuluke nawonso apereke mkono awayeze bipi.